Ana awiri asiya kulemba: kodi vuto lawo ndi limodzi?

Mphunzitsi wa masamu: Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. M'kalasi ya ana a zaka 10 ndi 11 muli awiri amene asiya kulemba. Wina ndi mtsikana wa zaka 10. Akalakwa samu imodzi amafufuta mpaka pepala kubooka, kenako n'kutseka kope, amvekere "ine sindingathe". Winayo ndi mnyamata wa zaka 14 wobwereza kalasi. Uyu kwake n'kuseketsa anzake, ukamudzudzula amayankha mwamwano. Onse ndawakhazika kutsogolo, malikisi ndimawerenga mokweza kuti manyazi awalimbikitse, koma zikungoipiraipira.

Mlangizi wa ophunzira: Aphunzitsi, yambani mwaleka kuwerenga malikisi mokweza. Kukuwapweteka onse awiri, koma pa zifukwa zosiyana. Katswiri wa za maganizo a anthu, Erik Erikson, anagawa moyo wa munthu m'magawo 8, lililonse ndi nkhondo yakeyake yamumtima. Mwana wa zaka zapakati pa 6 ndi 12 amalimbana ndi funso loti, kodi ndimatha kuchita zinthu kapena ndine wolephera? Yankho amalipeza pa ntchito imene wamaliza komanso podziyerekeza ndi anzake. Mtsikanayo ali pamenepo, ndipo malikisi akumuuza kuti ndi wolephera anzake onse akumva. Mnyamatayo walowa kale gawo la zaka 12 mpaka 18, pomwe funso limakhala loti, ndine ndani, ndipo anzanga amandiona bwanji? Kukhala kutsogolo pakati pa ana aang'ono kwamupatsa dzina la mbuli, ndiye wasankha dzina la chitsiru choseketsa, poti limenelo ndiye amalitha.

Mphunzitsi wamkulu wopuma: Ine ndikuona ngati muzu wake uli kuukhanda. Mwana amene sanasamalidwe bwino asanakwane chaka ndi theka sakhulupirira munthu. Gawo limenelo linadutsa, ndiye sukulu singachitepo kanthu.

Mlangizi wa ophunzira: Pa muzupo mwina mwalondola, bambo, koma poti palibe chochita ayi. Magawowa satsekeka. Zimene zinatsalira m'mbuyo zimabweranso m'gawo lotsatira ndipo zimakonzeka. Komanso wosakhulupirira akuluakulu amadziwika: amakuyesa ngati usunga lonjezo, ndipo amatero ndi aphunzitsi onse. Mtsikanayu akulimbana ndi kope, osati ndi mphunzitsi.

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka: Wanga wa zaka 4 nayenso sagwira choko ndisanamuuze. N'chimodzimodzi?

Mlangizi wa ophunzira: Ayi mayi, wanuyo ali pa zaka 3 mpaka 5, pomwe mwana amayesa kuyambitsa yekha zinthu, ndipo akamakalipiridwa pa chilichonse amayamba kudziimba mlandu. Mumusiyire nthawi yosankha yekha masewera. Tibwerere kwa awiri aja. Aphunzitsi, aliyense mumuitane payekha anzake atatuluka, mumupatse samu zitatu za mulingo wotsikirapo. Mtsikanayo mwina adzazengerezabe ngakhale palibe womuona, chifukwa chimene akuopa ndi samuyo. Ameneyu musamupatsenso samu 10 nthawi imodzi. Zitatu zimene angamalize, muchonge pomwepo, ndipo munene chimene wachita bwino: "wabwereka molondola pochotsera apa". Mawu oti "ndiwe wanzeru" sawakhulupirira. Chofufutira chikhale patali, polakwika azingodula mzere umodzi kuti aone kuti samu yolakwika imakonzedwa. Muziyerekeza ntchito yake ya lero ndi yake yomwe ya sabata yatha, n'kumawonjezera samu imodzi akamakhoza. Koma zisakhale zophweka mpaka kalekale, ana amazindikira akamanyengereredwa.

Mnyamatayo akalemba bwinobwino ali yekha, dziwani kuti vuto ndi maso a anzake. Mumudzudzulire pambali, achoke pampando wakutsogolo, ndipo mumupatse udindo weniweni woyenera msinkhu wake, monga kusunga zipangizo za kalasi. Pamene n'kotheka asankhe yekha, kaya ayambe ntchito iyi kapena iyo.

Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu: Za udindozo ndikukayika. Anzake adzati mwano ndi umene umapatsa mpando. Ndiponso wobwereza kalasi nthawi zambiri kuwerenga kumamuvuta, nthabwalazo n'zobisira. Ngati samu zitatu zija zamukanika ali yekha, ndiye kuti nkhondo ya gawo lapitalo sinathe, ndipo udindo sungamuphunzitse kuwerenga. Ayambe wathandizidwa payekha, anzake asakuona. Musaiwalenso kuwayezetsa maso ndi makutu onse awiri, ndi kufufuza ngati wina akuwazunza. Magawo a Erikson saulula zimenezo.

Mphunzitsi wa masamu: Malikisi ndasiya kuwerenga mokweza, ndipo samu zitatuzo ndiyesa Lolemba. Nanga mnyamatayo akakana kutsalira, poopa kuti anzake adziwa chifukwa chake?

Mlangizi wa ophunzira: Mumutume kuti akuthandizeni kunyamula makope kupita nawo ku ofesi, samuzo akalembere komweko. Za udindo tidikire kaye tione zimene alembe.