Zithunzi 340 zonse zatuluka zakuda, ndiziwalitsa bwanji pakamodzi?

Membala wosatchula dzina: Abale ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndinajambula zithunzi 340 pa foni pa msonkhano wa bungwe lathu, ndipo zonse zatuluka zakuda, nkhope sizikuoneka. Amene analonjeza kubwera ndi kamera sanabwere, mpaka lero sanapepese, koma amene akunyozedwa ndine. Mlembi akuzifuna Lachisanu, yemweyo amene sanandipatse ngakhale mpando tsikulo. Mwana wa mchemwali wanga anandiikira pulogalamu yosinthira zithunzi ya ImageMagick pa kompyuta n'kundiuza kuti ndilembe `-auto-level`. Ndayesa, palibe chasintha, zina zikuoneka ngati zaderako. Kodi pulogalamuyi ndi yabodza?

Kapitawo: GULANI KAMERA. Foni ndi yoimbira. Koma poti mwalakwitsa kale, `-auto-level` ndi ya ana, lembani `-normalize` nkhani ithe.

Nambewe: Pepani ndithu. Musanachite china chilichonse, koperani zithunzi zonse mu foda ina. Ngati mukugwiritsa ntchito `mogrify`, lamulo losinthira zithunzi zambiri pakamodzi, popanda `-path` yozitumiza ku foda ina, imalemba pamwamba pa zithunzi zanu zenizeni ndipo sifunsa. Funso langa ndi ili: m'zithunzimo muli chinthu chowala kwambiri, monga zenera kapena babu?

Ada Wiseman: Muuzeni mlembiyo kuti msonkhano unali wachinsinsi, n'chifukwa chake nkhope zabisika.

Membala wosatchula dzina: Ndinakopera mayi, zikomo. Ee, anthu anakhala chofulatira mazenera awiri aakulu. Sindinaone ngati n'zofunika kutchula.

Nambewe: Nkhani yonse yagona pamenepo. Kadontho kalikonse ka chithunzi kali ndi nambala ya kuwala, kuyambira 0 pakuda bii mpaka 255 poyera mbee. `-auto-level` imafufuza kadontho kakuda kuposa tonse n'kukaika pa 0, kowala kuposa tonse n'kukaika pa 255, kenaka n'kutambasula zapakati. Tiyerekeze chithunzi chopanda zenera, chimene manambala ake ayambira pa 10 n'kuthera pa 110, nkhope ili pa 50. Pulogalamu ichotsa 10 n'kuchulukitsa ndi 2.55, nkhope ifika pa 102, yaoneka. Tsopano bwezeranipo zenera lanu lija. Zeneralo lili kale pa 255, choncho kumtunda kulibe kotambasulira. Chotsala n'kukokera 10 uja pansi kuti akhale 0, ndipo nkhope ya pa 50 itsikira cha pa 42. N'chifukwa chake mwaona ngati zaderako. Maso anu sanakunamizeni, ndipo pulogalamu yachita ndendende zimene munaituma.

Kapitawo: Masamu onsewa a chiyani? NDANENA KALE, `-normalize`. Imataya timadontho ta kumapeto, ndiye zenera silingaisokoneze.

Nambewe: Bambo, mwalondola theka. `-normalize` ndi chimodzimodzi `-contrast-stretch 2%x1%`: imalola 2% ya timadontho kudera bii ndi 1% kuyera mbee. Pa kababu kakang'ono kapena kunyezimira kwa magalasi a m'maso imathandizadi. Koma mazenera awiri aakulu angadye gawo limodzi mwa magawo khumi a chithunzi. Mukataya 1% mukadali m'kati mwa zenera, pa 255 pomwe paja. Ndiye 2% ya kumunsi ija idzangomeza tsitsi ndi majekete akuda.

Kapitawo: Ndiye akweze ikhale 15%, chavuta n'chiyani?

Che Mdala: Chavuta n'chakuti zithunzi 340 sizofanana. Pa chimene zenera silinalowe, 15% imeneyo idzagwera pa malaya oyera ndi pamphumi, zidzapsa osatsala mzere. Zopsazo sizibwerera.

Mai a Chisomo: Ine ndimangokweza kuwala kwa sikirini ya foni mpaka kumapeto, zithunzi zimaoneka bwino.

Ada Wiseman: Mayi, ndiye mlembi amutumizire foni yonse?

Nambewe: Chofunika pano ndi gama. Iyo imakweza zapakati, 0 ndi 255 n'kuzisiya pamene zili. Ndi gama ya 1.6, nkhope ya pa 50 ija ikwera kufika cha pa 92, zenera osasuntha. Ikatero chithunzi chimaoneka chotuwa ngati chakutidwa ndi nkhungu, chifukwa zakuda nazonso zakwera, ndiye mumatsatiza katambasulidwe kochepa kuti kuda kubwerere. Pangani kaye foda ya `zowala`, pakuti `mogrify` sidzakupangirani:

```
mkdir zowala
magick mogrify -path zowala -gamma 1.6 -contrast-stretch 0.3%x0.3% -quality 92 *.jpg
```

Musayambe ndi zonse 340. Sankhani zisanu ndi chimodzi: ziwiri zakuda kwambiri, ziwiri zapakati, ziwiri zimene zili bwinoko. Yesani 1.3, 1.6 ndi 2.0, muone pamene nkhope zayera koma khungu lisanatuwe. Mwina mudzapeza kuti nambala imodzi sikwanira zonse, ndiye gawani zithunzi m'mafoda awiri kapena atatu malinga ndi kuda kwake.

Kapitawo: Kugawa pamanja? Munthu wapempha za PAKAMODZI. Pali `-auto-gamma`, imasankha yokha.

Che Mdala: Ilipodi, koma onani mmene imaganizira. Imatenga kuwala kwa chithunzi chonse pamodzi n'kukukokera pakati. Zenera lalikulu limakweza chiwerengerocho, ndiye iyo imayesa kuti chithunzi chawala kale, nkhope n'kuzikweza pang'ono chabe. Chithunzi chotsatira, chimene munayandikira munthu zenera n'kutsala kunja, idzachikweza kwambiri. Mukaziyala pamodzi, khoma lomwelo lidzakhala la mitundu itatu. Kugawa sikovuta: tsegulani foda zithunzi zioneke zazing'onozing'ono, zakuda kwambiri zimadzionetsa zokha.

Mphunzitsi wopuma: Achinyamata a masiku ano kujambula osayang'ana kumene kuwala kukuchokera. Wojambula ndiye amafulatira zenera, osati ojambulidwa. Komanso pukutani galasi la kamera.

Membala wosatchula dzina: Aphunzitsi, mipando sindinayale ndine. Mayi Nambewe, ndayesa 1.6, nkhope zatulukadi! Koma pa majekete pali timadontho tofiira ndi tobiriwira ngati mchenga, ndipo ena akuoneka ndi timabokosi kumaso.

Nambewe: Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mchengawo unalipo kale, unangobisala mu mdima. Kuwala kukachepa foni imakweza mphamvu ya kamera yake, ndipo manambala a malo akuda amagwedera. Gama imakoka kwambiri kumunsi komweko, choncho kugwedera kumene diso silinkakuona kumakula limodzi ndi nkhope. Tsikirani ku 1.4, kapena chepetsani kukula kwa zithunzi poonjezera `-resize 50%` pakati pa `-quality 92` ndi `*.jpg`, timadontho toyandikana tisakanikirane. Timabokosi ndi nkhani ina. JPEG imasunga chithunzi m'timagawo ta timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndipo timagawoto timaonekera fayilo ikapanikizidwa kwambiri. Fayilo imodzi ndi yaikulu bwanji? Munazichotsa mu foni ndi chingwe, kapena munadzitumizira pa meseji?

Membala wosatchula dzina: Ndinadzitumizira pa meseji, chingwe anabwereka mlamu wanga chaka chatha. Imodzi ndi 140 KB.

Che Mdala: Ndiye mukukonza zotsalira, meseji inazipanikiza. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimakhala cha ma MB angapo. Pezani chingwe, tengani za mu foda ya `DCIM`, muyambirenso. Zikakhala za `.heic` onjezerani `-format jpg` ndipo musinthe `*.jpg` ya kumapeto ija ikhale `*.heic`. Chinanso, mukaika lamuloli mu fayilo ya `.bat` pa Windows, `%` aliyense mumulembe kawiri, apo ayi manambala adzasokonekera.

Kapitawo: Zonsezi sizikanachitika ndi kamera. Ndipo kutambasula kumayenera kuyamba, gama pambuyo. Aliyense amadziwa.

Nambewe: Pa chithunzi chopanda zenera ndingavomere. Pa izi ndimakonda gama poyamba, kuti kutambasula kuchotse nkhungu imene gamayo yabweretsa. Ayese njira zonse ziwiri pa zisanu ndi chimodzi zija, `mogrify` imatsata ndondomeko imene mwalemba.

Mai a Chisomo: Nanga zimene munthu anagwedezeka, nkhope n'kukhala ngati ziwiri, gamayo ikonza?

Che Mdala: Ayi mayi, idzangowalitsa nkhope ziwirizo. Zimenezo azipatule asanatumize kwa mlembi.

Membala wosatchula dzina: Zoterozo zilipo mwina 60, ndipo wapampando ali m'gulu lomwelo. Mlamu sakuyankha foni.