Bambo a kunyumba akadya, ululu ukuyamba pamwamba pa mchombo n'kukatulukira kumsana. Kodi ndi maalsa basi?

Wofunsa (dzina labisika):
Moni nonse pagulu pano. Ndikufunsira bambo a kunyumba, ali ndi zaka 44. Kuyambira nthawi ya dzinja akangodya, pasanathe theka la ola, amayamba kumva ululu pamwamba pa mchombo, pakati penipeni pamene nthiti zimakumana. Ululuwo umaboola n'kukatulukira kumsana. Akadya za pachiwaya, makamaka nkhumba kapena tchipisi, ndiye zimanyanya. Kugona chagada sangathe, amakhala pampando atawerama, mawondo atawakokera pamimba, ndiye amati pamenepo zimachepako.

Kuchipatala chaching'ono anati ndi zilonda za m'mimba, anawapatsa omeprazo. Amwa koma sitikuona kusintha. Aonda, malamba onse tinaboola mabowo ena, ndipo tsopano akuopa chakudya. Ndisabise, mowa amamwa kuyambira ali mnyamata, nthawi zambiri kachasu, fodya amasutanso. Mlamu wanga anatchula za kapamba. Kodi kapamba amagwira ntchito yanji, ndipo akhoza kupweteka chonchi? Tichite chiyani?

Mayi wa ku Ndirande:
Amayi, amenewo ndi maalsa, ine ndakhala nawo zaka. Asiye tsabola, zakumwa za gasi ndi tiyi wopanda kanthu m'mimba. Ine ululu umandidzutsa usiku, koma ndikadya kaphala kapena kumwa mkaka umaleka. Apitirize omeprazo ndipo akayezetse chimbudzi ngati ali ndi kachilombo kaja koyambitsa zilonda.

Wofunsa:
Zikomo mayi. Koma iwowa ndi zosiyana ndi zanuzo, akakhala ndi njala amakhalako bwino, chakudya ndicho chimautsa.

Dalaivala wa ku Joni:
Msana umenewo ndi impso kapena kukhalitsa pansi. Ife oyendetsa mathiraki timaudziwa. Agule bulufeni kapena dayikilofenaki, mawa adzuka ali bwino.

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma:
Achimwene a ku Joni, pepani, apa ndikutsutsani. Bulufeni, dayikilofenaki ndi asipirini amakanda khungu la m'kati mwa chifu. Ngati bambowa alidi ndi chilonda, mankhwala amenewa akhoza kuchitulutsa magazi kapena kuchiboola. Asamwe mpaka ataonedwa. Panado angamwe, koma osapitirira mlingo wolembedwa, chifukwa chiwindi cha munthu womwa mowa sichilimba naye.

Mayi wofunsa, mlamu wanu sanalakwe kuganizira kapamba. Ndikunena kapamba wogaya chakudya, osati chiwalo chija chimatupa kumanzere mwana akadwaladwala malungo, popeza ena amachitchulanso choncho. Ameneyu ndi wautali pafupifupi masentimita 15, ndipo anagona chopingasa kuseri kwa chifu, atatsamira fupa la msana. N'chifukwa chake akatupa munthu amaloza kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kugona chagada kumaukulitsa ululuwo, kuwerama kumaupepula, monga mukuonera kunyumbako.

Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba, amapanga madzi ogaya chakudya, opitirira lita imodzi pa tsiku, amene amatsikira m'matumbo chakudya chikangochoka m'chifu. Mafuta ndiwo amadalira kwambiri madzi amenewa. Munthu akadya nkhumba yokazinga, thupi limauza kapamba kuti atulutse madzi ambiri. Ngati kapambayo ali ndi zipsera kapena kanjira kake kanaphinjika, madziwo amakanika kutuluka bwino, ndiye ululu umabwera chakudya chitangolowa. Ntchito yachiwiri ndi kupanga insulini, amene amatsitsa shuga m'magazi.

Ndifunseko zinthu zitatu. Chimbudzi chawo chikuoneka bwanji? Akumva ludzu kwambiri kapena kukodza pafupipafupi usiku? Maso asanduka achikasu?

Wofunsa:
Adokotala, maso ali bwinobwino. Madzi akumwa ambiri ndipo usiku amatulukatuluka. Za chimbudzi sindingadziwe, chathu ndi chokumba. Amangoti amatsegula m'mimba akadya zonona.

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma:
Apempheni kamodzi kokha achitire m'kachidebe kuti aone okha. Chimene tikufuna kudziwa ndi chakuti kodi ndi chotuwa, chambiri, chonyezimira mafuta, chonunkha moposa masiku onse, ndipo mukathira madzi chimayandama kapena kukanirira. Zikakhala choncho ndiye kuti mafuta akungodutsa osagayika, n'chifukwa chake munthu amaonda ngakhale akudya. Chizindikiro chimenechi chimachedwa kuoneka, chimabwera gawo lalikulu la kapamba litatopa kale, ndiye musachinyozere.

Pali mitundu iwiri ya kutupa kwa kapamba, ndipo anthu amaisokoneza. Kwina n'kwadzidzidzi: ululu woopsa wosalekeza kwa maola ambiri, kusanza, mimba yosafuna kukhudzidwa. Kumeneko munthu amagonekedwa, amamuika madiripi ndi mankhwala amphamvu a ululu. Kwina n'kwa pang'onopang'ono, kwa zaka, ndipo mowa ndi fodya ndizo zimatsogolera. Zimene mwalembazi zikutsamira ku mtundu wachiwiriwu. Koma sindinawagwire pamimba bambowa, ndipo ndulu kapena chilonda zikhoza kupereka chithunzi chofanana. Chilonda cha kuseri kwa thumbo loyamba, mwachitsanzo, chimatha kudya mpaka kufika pa kapamba, msana n'kumapweteka chimodzimodzi. Ndiye mayi a ku Ndirande sanaphonye kwenikweni, kuyeza kachilombo kaja n'koyenera, kungoti omeprazo wosathandiza pamodzi ndi kuonda zikutiuza kuti tisaime pa maalsa.

Mphunzitsi wa ku Mzimba:
Ine ndilankhulepo za ndulu, chifukwa zinandichitikira ndipo mowa sindinaulawepo. Ululu wanga unkabwera ndikadya ndiwo zotendera kwambiri kapena mandasi, koma unali chakumanja pansi pa nthiti, n'kukwera kuphewa la kumanja kumbuyoku. Unkakhala maola angapo n'kuzimiririka wokha. Tsiku lina unasamukira pakati, sunalekenso, ndinasanza mpaka kumangotuluka zowawa. Anapeza timiyala m'ndulu, ndipo anati kamodzi kanatsika n'kutseka njira. Anandichotsa ndulu, mpaka lero sizinabwerenso. Chimene sindinamvetse ndi chakuti mwala wa m'ndulu ukukhudzana bwanji ndi kapamba.

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma:
Aphunzitsi, kanjira kochokera ku ndulu ndi kochokera ku kapamba zimakumana n'kulowa m'thumbo pa khomo limodzi, ngati ngalande ziwiri zothira m'dambo pa malo amodzi. Kamwala kakaima pakhomo pamenepo, madzi a kapamba amabwerera n'kuyamba kupsereza kapamba mwini wake. Timiyala ta m'ndulu ndi mowa ndizo zifukwa ziwiri zazikulu za kutupa kwadzidzidzi. Palinso zina zocheperapo, monga mafuta ochuluka kwambiri m'magazi, mankhwala ena, ngakhale njoka za m'mimba zikalowa m'kanjirako.

Mnyamata wa ku Area 25:
Koma tisaopsezane. Malume anga anayezedwa magazi a kapamba, anatuluka bwino, nkhani inathera pomwepo. Akangoyezetsa amilezi basi adziwa.

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma:
Zimenezo n'zoona pa kutupa kwadzidzidzi kokha. Pamenepo amilezi kapena laipezi, zogayira chakudya zimene kapamba amapanga, amakwera m'magazi katatu kapena kuposa pa mlingo wa munthu wabwino. Komanso nthawi yoyezera ndi yofunika: amilezi amatsika m'masiku atatu mpaka asanu, laipezi amakhalitsako. Pa kutupa kwa zaka, kapamba wodzala zipsera sakhalanso ndi zambiri zotayira m'magazi, ndiye zotsatira zikhoza kutuluka zabwino munthu akudwala ndithu.

Mayi, pitani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu ndi buku lawo la kuchipatala, sabata ino. Musakangoti m'mimba mukupweteka, chifukwa mudzabwerako ndi omeprazo wina. Kanenani kuti ululu umabwera akadya ndipo umafika kumsana, aonda, amatsegula m'mimba akadya mafuta, akumva ludzu, ndipo kanenani za mowa ndi fodya mosachepetsa. Pemphani kuyeza shuga ndi sikani ya pamimba. Apite m'mawa asanadye, maola osachepera 8 opanda chakudya, kuti ndulu ioneke yodzala komanso shuga ayezedwe wa chopanda kudya.

Koma ululu ukakhala woopsa osaleka, akamasanza chilichonse, thupi likatentha, maso akachita chikasu, chimbudzi chikada ngati phula kapena akasanza magazi, musadikire kuche. Chimodzimodzi ululu ukabwera ndi thukuta lozizira ndi befu, popeza mtima nawo umatha kupweteka malo omwewo.

Agogo a ku Ntcheu:
Mwanawe, muphikireni phala la mgaiwa, nsima ndi masamba owiritsa, nsomba yowamba osati yokazinga. Adye pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Mowawo autaye lero lomwe.

Namwino wopuma pa ntchito:
Agogo anena bwino za chakudya, kungoti asamumane zonse mpaka kutheratu thupi, nyemba, usipa ndi nkhuku yochotsa khungu adye. Pa mowa pokha ndichenjeze. Kusiya n'kofunika, pamodzi ndi fodya. Koma ngati amamwa tsiku lililonse ndipo m'mawa manja amanjenjemera asanamwe, kusiya mwadzidzidzi ali kunyumba kukhoza kubweretsa kukomoka ndi kubwebweta. Akanene kuchipatala kuti akufuna kusiya, alipo mankhwala omuthandiza masiku oyambawo.

Wofunsa:
Ndabweranso abale. Tinapita. Chimbudzi chija chinalidi chotuwa ndi chamafuta. Shuga wa m'mawa anapezeka 9.4, anati tibwerenso akayeze kachiwiri. Pa sikani anati m'ndulu mulibe miyala, koma kapamba sanamuone bwino chifukwa cha mpweya wa m'matumbo. Amilezi anali bwino. Atilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Bambo akuti poti magazi ali bwino ndipo sikani sinapeze kanthu, palibe chifukwa choonongera ndalama ya basi.

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma:
Awerengereni izi. Sikani sinanene kuti kapamba ali bwino, yanena kuti sanaoneke, ndipo zimachitika kawirikawiri chifukwa ali kuseri kwa chifu ndi matumbo. Shuga wa chopanda kudya akafika 7 mu mmol/L, kapena 126 pa makina owerenga mu mg/dL, n'kubwereza chimodzimodzi tsiku lina, amenewo ndi matenda a shuga. Tsono 9.4 pamodzi ndi chimbudzi chamafuta zikuloza kuti ntchito zonse ziwiri za kapamba zafooka. Ku chipatala chachikulu akhoza kujambula ekisireyi ya pamimba, imene nthawi zina imaonetsa timiyala toyera m'kapamba, kapena siti sikani imene imaona bwino koposa. Kujambulako kumathandizanso kutsimikiza kuti palibe chotupa, chimene sitingachisiye osachifufuza kwa munthu amene akuonda ndipo shuga wangoyamba kumene. Zikatsimikizika kuti ndi kutupa kwa zaka, pali makapisozi a madzi ogayira chakudya amene amamwera pamodzi ndi chakudya chilichonse. Mukafunse komweko ngati alipo kapena mogula.

Mnyamata wa ku Area 25:
Nanga akasiya mowa, kapambayo abwerera mwakale?

Wogwira ntchito m'chipatala cha boma:
Zipsera zimene zilipo sizichoka. Kusiya mowa ndi fodya kumachedwetsa kuonongeka kwa gawo lotsalalo, ndipo ambiri ululu umachepa, ngakhale si onse.

Wofunsa:
Avomera kupita Lachiwiri, mlamu wanga awaperekeza. Kodi tsiku limenelo apitenso osadya, nanga omeprazo apitirize kumwa?

Namwino wopuma pa ntchito:
Apite osadya, madzi okha angamwe, ndipo atenge chakudya m'chikwama choti adye akamaliza kuyezedwa. Omeprazo atenge paketi yake akawaonetse. Ngati akufuna kuyeza kachilombo ka zilonda m'chimbudzi, mankhwala amenewa amatha kubisa zotsatira, ndiye adokotala akomweko ndiwo anene ngati ayambe asiya kwa masabata awiri.