Risiti ya fizi ikusiyana ndi zomwe sukulu yalemba, ndithandizeni

Abale anga ndili ndi nkhawa. Mwana wanga ali Fomu 3 pa sukulu ina yogonera kuno ku Kasungu, fizi ya temu ino ndi K180,000. Ndinalipira kawiri, koyamba K100,000 ndinakaponya ndekha ku banki pa boma, risiti ndili nayo ili ndi chidindo, deti ndi nambala ya akaunti ya sukulu. Kachiwiri K80,000 ndinatumiza pa foni kuchokera mu akaunti yanga.

Dzulo mwana wabwera ndi sitetimenti ya kusukulu ikuonetsa K100,000 yokha, akuti ngongole K80,000. Ndakatenga sitetimenti yanga ku banki, ndalamazo zinatulukadi tsiku lomwelo ndipo sizinabwerere, nambala ya akaunti ndafananitsa manambala onse ndi ya pa risiti ija, ndi imodzimodzi. Koma ndaona kuti polemba chifukwa chotumizira ndinangoti "fizi" basi, dzina la mwana ndi kalasi sindinalembe, komanso ine ndi mwanayu tili ndi mayina a bambo osiyana ndiye mwina abasala akuziona ndalamazo koma sakudziwa kuti ndi za ndani.

Nde funso langa, ndikawapatsa nambala ya refelensi ija ili pa meseji, deti ndi kuchuluka kwa ndalama, angazipeze pa sitetimenti yawo ya banki? Kapena ndikatenge kaye kalata yodinda ku banki? Amene zinakuchitikiranipo munatani chonde, Lolemba akuti abweza ana angongole.