Pempho la thandizo: kupeza ngodya yolondola posintha nambala ya kompuleksi kukhala ya polala

Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa bwino masamu pa nkhani yosintha nambala ya kompuleksi kuchoka pa z = a + bi kupita pa z = r(cos θ + i sin θ). Kupeza utali r sikukundivuta, chifukwa r = √(a² + b²), koma ngodya θ ndiyo ikundizunguza mutu.

Mwachitsanzo, pa z = −1 + i√3, utali ndi r = 2, ndipo kakyuleta ikupereka arctan(√3/−1) = −60°. Komatu ndikabwerera ndi ngodya imeneyi, 2(cos(−60°) + i sin(−60°)) ikundipatsa 1 − i√3, yomwe ili m'chigawo chachinayi, pamene nambala yoyamba ija ili m'chigawo chachiwiri popeza a ndi yochepera ziro ndipo b ndi yoposa ziro. Ndikuganiza kuti gwero la vutoli ndi lakuti arctan imapereka ngodya za pakati pa −90° ndi 90° zokha, kotero siingasiyanitse nambala ziwiri zoyang'anizana zomwe b/a yake ndi imodzi. Nditawonjezera 180° ndinapeza 120°, ndipo kubwerera kunanditulutsira −1 + i√3 ndendende.

Pomwe ndikufuna thandizo kwenikweni ndi m'chigawo chachitatu. Pa z = −1 − i√3, arctan ikupereka 60°; ndikawonjezera 180° ndikupeza 240°, ndikachotsa ndikupeza −120°, ndipo zonsezi zikuloza malo amodzi. Kodi funso likafuna ngodya yaikulu, ya Arg z, m'malire a −180° < θ ≤ 180°, ndikhale ndi lamulo lochotsa 180° nthawi zonse pamene a ndi b onse ali ochepera ziro? Nanga pamene a = 0, monga z = −3i, pomwe b/a siitheka, kodi njira yovomerezeka polemba ndi kungojambula ndi kuwerenga −90° pachithunzi?