Zatheka: funso langa lija la ΔG ndi kuwotcha miyala ya laimu

Ndinafunsa kuti: "Ndili ndi ΔH ndi ΔS, nanga ndidziwa bwanji kutentha kumene CaCO₃ imayamba kusweka yokha kukhala CaO ndi CO₂?"

Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka achimwene amene munati ndiyambe ndasintha ΔS kuchoka mu J kupita mu kJ. Ndinatsata zomwezo.

ΔH ndi +178 kJ/mol, ΔS ndi +161 J/(mol·K), ndiye kuti 0.161 kJ/(mol·K). Pa 298 K, ΔG = ΔH − TΔS yandipatsa 178 − 48 = +130 kJ/mol. Ili pamwamba pa ziro, n'chifukwa chake miyala ya ku Changalume kwathu kuno ku Zomba singasanduke laimu ndi dzuwa lokha. Kenako ndinaika ΔG = 0, choncho T = ΔH/ΔS = 178/0.161, pafupifupi 1106 K, kapena 833 °C. Kutentha kukapitirira pamenepo ΔG imatsika pansi pa ziro, mwala n'kuyamba kutulutsa CO₂.

Anzanga obwera m'mbuyo, mukapeza 1.1 K dziwani kuti mwagawa kJ ndi J. Komanso 833 °C ndi yongoyerekeza, poti taganiza kuti ΔH ndi ΔS sizisintha kukamatentha. M'ng'anjo zenizeni amawotcha cha pa 900 °C kapena kuposa.