Banja linatha, koma pasipoti idakali m'dzina la bambo aja

Mayi a Tadala: Abale, ndithandizeni nzeru. Banja langa linatha mu 2021, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi kwathu ku Dwangwa n'kugwirizana kuti aliyense aone msana wa njira. Koma chitupa cha unzika ndi pasipoti zonse zili m'dzina la bambo aja, Banda. Pasipoti ikutha chaka chamawa ndipo ndikufuna yatsopano ituluke m'dzina la bambo anga ondibereka, Phiri. Ndili ku Cape Town, ndimagwira ya m'nyumba ndi pemiti. Ndiyambire pati?

Madala Kondwani: Zosavuta izo achemwali. Pitani pa polisi iliyonse komweko, mulembe afidaviti yoti Banda ndi Phiri ndi munthu mmodzi, adinde. Salipiritsa n'komwe.

aNangozo: Madala, afidaviti imeneyo imathandiza, koma sisintha dzina la munthu. Imangofotokoza chifukwa chake mapepala awiri akusiyana. A Imigireshoni kumudzi amayang'ana zomwe zili pa chitupa cha unzika, ndipo a NRB, opereka zitupazo, safufuta dzina chifukwa choti wapolisi wa dziko lina wadinda pepala. Mayi a Tadala, ndiyambe ndakufunsani: ukwati wanu unali wotani, ndipo chosonyeza kuti unatha muli nacho n'chiyani?

Mayi a Tadala: Chinali chinkhoswe basi, sitinapite kwa DC kapena kutchalitchi. Kutha kwake palibe pepala, koma amalume ndi a mfumu akudziwa zonse.

aNangozo: Ndiye poyambira ndi pomwepo. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chinkhoswe ngati ukwati weniweni, ndiye pothetsa pake mpofunikanso khoti. Zomwe anagwirizana ankhoswe n'zomveka pamudzi, koma pa ofesi inuyo mudakali mkazi wa a Banda mpaka majisitireti atalemba kuti banja latha. Kwa inu a ku Dwangwa khoti lapafupi ndi la Nkhunga. Mumakadandaula kwa kalaliki, amatulutsa samani yoitana bambowo, ndipo ankhoswe anu ndiwo mboni zoti ukwati unalipo ndiponso kuti anayesa kukuyanjanitsani zinakanika. Akagamula musachoke ndi mawu apakamwa okha. Pemphani chigamulocho cholembedwa, chodindidwa, ndipo muwerenge muli pomwepo ngati maina anu onse awiri alembedwa bwino, la kwanu ndi la kubanja. Pepala limenelo ndi lomwe limalumikiza Banda ndi Phiri, ndipo ofesi iliyonse kutsogoloko idzalifuna.

Koma dziwiranitu kuti khoti silimva za dzina zokha. Mukatsegula nkhaniyi pamabweranso za ana, za chithandizo chawo, ndi za katundu amene munapeza limodzi. Ngati pali nyumba kapena munda womwe munangousiya chete, konzekerani kuti ukambidwa.

Mayi a Tadala: Eee, ndiye bambowo ali ku Durban, ndipo sitiyankhulana.

aNangozo: Chimachedwetsa n'chimenecho, chifukwa khoti limafuna umboni woti samani inawafika. Yambani pano kufufuza kudzera kwa ankhoswe awo kuti abwera liti kumudzi. Ambiri amabwera Disembala, koma masiku a Khirisimasi maofesi amayenda mwaulesi, ndiye musawerengere kuti zonse zitheka pa tchuthi cha masabata awiri.

Che Jafali: Ine ndifunse nawo. Mwana wa mchemwali wanga ku Chipoka akufuna amuchotse dzina la bambo ake, poti bamboyo sathandiza olo kobiri. Ndi njira yomweyi?

aNangozo: Ayi Che Jafali, imeneyo ndi nkhani ina. Kutha kwa banja sikuchotsa dzina la bambo pa setifiketi ya kubadwa ya mwana. Tiikambe padera.

Bambo a Limbani: Ine ndili pa boma pa Nkhotakota pano, ndinaperekeza mlamu wanga pa nkhani yofanana. Ku ofesi ya NRB, yomwe ili kwa DC, analemba fomu yosintha zomwe zili pa chitupa, n'kupereka chigamulo cha khoti ndi chitupa chakale. Anamufunsanso chosonyeza kuti dzina akulifunalo linalidi lake kale. Iye anatulutsa setifiketi ya JCE. Ndiye Mayi a Tadala, uzani a kunyumba afufuze m'sutikesi: setifiketi ya sukulu, kalata ya ubatizo, chilichonse chakale cholembedwa Phiri.

Madala Kondwani: Nanga za nyuzipepala zija? Ine ndimadziwa kuti wosintha dzina amalengeza m'nyuzipepala n'kudikira chilolezo cha boma. Timaziwona zija, "ine wakutiwakuti ndikufuna kusintha dzina".

aNangozo: Apo mwalondola. Lamulo lotero lilipo, ndipo limagwira munthu amene akufuna dzina lachilendo lomwe sanakhalepo nalo. Koma mayi wobwerera ku dzina lobadwa nalo, chigamulo chili m'manja, ine ndimaona kuti safunika kudutsa kumeneko.

Bambo a Limbani: Mlamu wanga sanalengeze. Koma mayi wina amene tinali naye pa benchi anauzidwa kuti akayambire kwa DC ndi kulengeza, mwina poti ankasinthanso dzina loyamba. Ine ndingoti funsani pa ofesipo musanawononge ndalama.

Mayi a Tadala: Nanga sindingangopita ku ofesi ya kazembe wathu ku Joni n'kusintha pasipoti yokha? Ulendo wa kumudzi ndi ndalama.

aNangozo: Pasipoti imatsata chitupa, ndiye chitupa chikakhala Banda nayonso ituluka Banda. Ndondomeko yake ndi khoti, kenako chitupa, kenako pasipoti. Ndipo kwa ife tili kunja sizithera pomwepo. Pemiti yanu inamatidwa m'pasipoti yakale, ili ndi dzina lakale ndi nambala yakale. Mukalandira yatsopano mumapempha a Home Affairs a kuno, kudzera ku VFS, ofesi yolandira mafomu a mapemiti, kuti pemitiyo aisamutsire m'pasipoti yatsopano. Mpaka zimenezo zitatheka muziyenda ndi mapasipoti onse awiri pamodzi ndi kope la chigamulo, makamaka pa Beitbridge. Ku banki ndi kwa abwana mupite pomaliza.

Sisi Eneless: Za banki zo mverani. Ine nditakwatiwa ndinathamanga kusintha pasipoti, banki ina kuno osaiuza. Tsiku lomwe anandiitana kuti ndikaonetse mapepala, kalaliki anayang'ana pasipoti, n'kuyang'ana pa kompyuta, n'kunena kuti awa ndi anthu awiri. Akaunti anaiyimitsa malipiro ali momwemo, lendi ikudikira. Chinandiombola ndi setifiketi ya ukwati, imene mayi anga anachita kuitumiza ndi dalaivala wa basi kuchokera ku Salima. Panopa ndimasunga makope odindidwa, ngakhale kuno ambiri amakana kope lomwe chidindo chake chapitirira miyezi itatu.

Madala Kondwani: Apo ndi pomwe polisi yanga ija imagwira ntchito tsopano, kudinda makope. Musandinyoze.

Bambo a Limbani: Komanso ana akamakutumizirani kapena inu mukamatumiza ndalama kumudzi, dzina la wolandira lifanane ndi la pa chitupa chomwe ali nacho m'manja tsiku limenelo. Nambala ya foni ya kuno nayonso inalembetsedwa ndi chitupa chakale, mudzaikonze mukabwera.

Mayi a Tadala: Ndiye ngati za khoti zichedwa, pasipoti n'kutha ndisanamalize?

aNangozo: Pamenepo ine ndikanakonzetsa pasipoti m'dzina la Banda lomwelo kuti pemiti isafe, za dzina n'kudzazitsata pambuyo. Mulipira kawiri, inde, koma kukhala kuno mapepala atatha n'koopsa kuposa kunyamula dzina lomwe simukulifuna.

Sisi Eneless: Ine sindikanalipira kawiri. Chaka n'chokwanira mukayamba mwezi uno.

Mayi a Tadala: Ndiwaimbira amalume madzulo ano apite ku Nkhunga akafunse kalaliki za samani. Bambo a Limbani, mukadutsa pa NRB mundifunsireko ngati setifiketi ya Sitandade 8 angailandire, poti JCE sindinalembe.