Anthu olembetsa tsiku akujomba: tiziwakumbutsa dzulo lake kapena m'mawa womwewo?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Ndimagwira ntchito polandirira alendo pa kachipatala ka mano komwe si kaboma. Tili ndi mpando umodzi ndi dokotala mmodzi, ndipo munthu womata dzino timamusungira mphindi 45. Sabata yatha ndinalemba anthu 50, koma 14 sanabwere ndipo sananene kanthu. Lachiwiri adokotala anakhala ola lathunthu manja lende, chikhalirecho ndinali nditabweza bambo wina wotupa tsaya kuti malo adzaza. Abwana akuti ndizitumiza meseji kawiri, dzulo lake ndi m'mawa wake. Ine ndikuona ngati n'kutha mayunitsi chabe. Imodzi siyingakwane?

Achisale: Imodzi ya m'mawa basi, achemwali. Munthu amaiwala pa tsikulo, osati dzulo lake. Komanso muziwalipiritsa kangachepe polembetsa, muona ngati angajombe.

Anaphiri: Nabanda, musanatumize chilichonse, anthu 14 aja munawaimbira n'kuwafunsa chomwe chinawaletsa?

Nabanda: Ndawaimbira lero masana. 6 akuti anaiwala kapena anasokoneza tsiku, wina mpaka ankati ndi Lachinayi la sabata ino. 3 analibe ya thiransipoti kapena yolipirira, 2 bwana sanawamasule kuntchito, mmodzi kunagwa maliro, 2 manambala sakupezeka.

Anaphiri: Eya, yankho lili m'manambala anu omwewo. Ine ndakhala pa ntchito yolemba odwala zaka zoposa khumi, ndipo ndinaona kuti mameseji awiriwa sagwira ntchito imodzi. Si kubwereza mawu ayi.

Ya dzulo lake ndi yoti munthu akonzekere. Taonani awiri aja amene bwana anawakaniza. Ndikhulupirira kuti anakumbukira mochedwa n'kukapempha m'mawa womwewo, ntchito itagawidwa kale. Bwana amene wauzidwa dzulo masana savuta ngati amene wadzidzimutsidwa 7 koloko m'mawa. Chimodzimodzi mayi wofuna womusiyira mwana, kapena wofuna kubwereka ya kabaza kwa mnansi: izi zimafuna usiku umodzi pakati. Meseji ya m'mawa yokha, imene akunena Achisale, imam'peza munthu wotereyu alibe pogwira. Amangoiwerenga, n'kuchita manyazi, n'kukhala chete.

Chachiwiri, ndipo kwa inu a mpando umodzi ndi chachikulu: ya dzulo imapatsa munthu mpata wokana nthawi ikadalipo. Atatu opanda ndalama aja meseji singawapatse ndalama. Koma akanayankha Lolemba masana kuti sakwanitsa, mukanamuimbira bambo wotupa tsaya uja kuti abwere Lachiwiri. Munthu amene wanena kuti sabwera sanakutayitseni kanthu. Wotayitsa ndi wongosowa zii.

Tsono ya m'mawa ndi ya anthu 6 oiwala aja. Munthu amawerenga meseji madzulo, n'kunena mumtima kuti chabwino mawa, koma kukacha mwendo umangolondola njira ya masiku onse: ana kusukulu, iye kumsika kapena kuntchito. Amadzakumbukira 11 koloko nthawi itapita. Sikuti uthengawo unafufutika m'mutu, koma panalibe chomukodola pa nthawi yonyamuka. Ndipo za mano zili ndi vuto lakelake: dzino likasiya kuwawa, palibenso chokumbutsa, kwatsala mantha a jakisoni okha.

Achisale: Apo ndavomera, za kupempha kuntchito sindinaziganizire. Koma za kulipiritsa sindisintha. Kwathu zinathandiza.

Anaphiri: Zimachepetsadi kujomba, koma kodi mukuwerenganso amene amabwerera pakhomo osalembetsa n'komwe chifukwa alibe ndalamayo m'thumba? Amenewo m'kaundula saoneka.

Nasibeko: Ife kuno kumudzi sizingatheke zimenezo. Ndine namwino, ndimaona a ma ARV ndi a kulera. Foni ndi ya bambo, mayi amangoigwira akapatsidwa. Tsiku lina mnzathu anatumiza uthenga wotchula mankhwala, unawerengedwa ndi apongozi, banja linagwedezeka. Komanso mafoni amakhala ku tchaji pa malo ogulitsira malonda tsiku lonse.

Anaphiri: Asisitala, nkhani yanu ndi ina pang'ono, popeza anthu anu amabwera pa tsiku, osati pa ola, koma mwakhudza poyenera. Munthu azifunsidwa polembetsa: foniyi ndi yanu kapena mumabwerekana, ndipo mukulola kuti tizikutumizirani uthenga? Mu uthengamo musatchule matenda kapena mankhwala. Za tchajizo n'zimenenso zimachititsa kuti mameseji awiri apose imodzi: foni imene inali yozima madzulo mwina yayaka m'mawa. Koma kwa oyenda wapansi kuchokera kutali, amene amanyamuka kusanache, ya m'mawa ilibe ntchito. Amenewo akumbutseni kudakali masiku awiri kapena atatu, kapena kudzera kwa alangizi a zaumoyo.

Nabanda: Nanga ndizitumiza nthawi yanji, ndipo ndizilemba chiyani?

Anaphiri: Ya dzulo isapitirire 2 koloko masana. Mukatumiza poweruka, munthu ayankha usiku inu mulibe, ndipo malo aja simuwadzazanso. Ine ndimalemba chonchi: "Mayi, tikukukumbutsani kuti mawa Lachiwiri pa 14, 9 koloko m'mawa, tikukuyembekezerani ku chipatala cha mano. Ngati simukwanitsa, yankhani AYI kapena fulashani nambala ino tikuimbireni." Tchulani dzina la tsiku ndi deti, osangoti "mawa". Meseji ikawerengedwa mochedwa, "mawa" lija limasanduka tsiku lina. Kufulasha nakonso musakuiwale, chifukwa ambiri sayankha kaamba kosowa mayunitsi.

Ya m'mawa ikhale yaifupi, "Lero 9 koloko tikudikira", ndipo ifike maola awiri nthawi isanakwane, munthu asanakwere minibasi yolowera kwina. Kwa olembedwa 8 koloko, ndiye kuti izipita cha m'ma 6. Wokhala ndi WhatsApp mutha kumutumizira kumeneko, koma mukaona kachizindikiro kamodzi kokha dziwani kuti uthengawo sunam'fike, mwina alibe bandulo kapena foni ndi yozima, tumizani ya wamba. Ndipo amene wayankha AYI mufufuteni msanga, asalandirenso ya m'mawa. Zimenezo zimakwiyitsa, ndipo anthu amayamba kunyalanyaza mauthenga anu onse.

Ambewe: Ndiwonjezereko za kwathu ku labu. Woyezetsa shuga wosadya amafunika kukhala maola 8 osadya kanthu. Ukam'kumbutsa m'mawa wokha, amafika atamwa kale tiyi ndi mbatata. Wabwera ndithu, koma ulendo wapita pachabe.

Nabanda: Ndabweranso patatha sabata ziwiri. Ndinagawa kaundula patatu monga munandiuzira pafoni, Anaphiri: obwera, okana nthawi ilipo, ndi ongosowa. Sabata ino ndinalemba 48. Abwera 37, akana dzulo lake 5, angosowa 6. Pa malo 5 aja ndadzaza 3 ndi anthu amene ndinawasunga pa mndandanda wodikira. Chondivuta ndi ya 6 koloko m'mawa, chifukwa foni ya kuntchito imagona mu ofesi ndipo ine ndimafika 7:30.

Anaphiri: Sabata imodzi musaikhulupirire kwambiri, yoyamba ija mwina inali ya pakati pa mwezi anthu ali mbuu. Werengani mwezi wathunthu. Za foniyo, onani ngati ili ndi poikira nthawi yoti meseji idzipite yokha, mafoni ambiri amakono ali napo. Koma ikhale yoyaka usiku wonse.

Achisale: Nanga 6 otsalawo? Ndikanakhala ine, wojomba kawiri azilipiriratu.

Nabanda: Atatu mwa iwo manambala ndi olakwika, mwina ndinalemba molakwika ndine. Kuyambira mawa ndiziifulasha nambalayo munthu ali chiimire pamaso panga. Za kulipiriratu ndikawafunse abwana Lolemba.